Dilowa Lodwala Loweruka Lililonse

M'nyumba mwa a Zebedee Chiumia ku Luwinga, mumzinda wa Mzuzu, munali zinthu ziwiri zimene mlendo sankachoka asanaonetsedwe. China chinali satifiketi ya uphunzitsi ya mwana wawo Winifred, yopachikidwa m'fulemu pakhoma. China chinali sayidibodi ya mlombwa imene inakhala m'munsi mwake. Satifiketiyo sinavutepo munthu, koma sayidibodi ndiyo inautsa mapiri pachigwa.

A Chiumia anali mkulu wa mpingo, kwawo ku Nkhata Bay, ndipo unyamata wawo wonse anauthera ku Bulawayo pa ntchito ya ukalaliki. Kumeneko anabwerako ndi Chingerezi chowongoka, chipewa chimodzi, ndi mipeni ndi mafoloko a zigwiriro zoyera zimene sizinkatuluka chisawawa. Zinkatuluka pa Khirisimasi, kapena abusa akabwera. Masiku ena onse zinkagona m'dilowa lam'mwamba la sayidibodi, zitafunditsidwa kansalu.

Sayidibodiyo anaigula mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, kwa kalipentala wina wachinyamata, Fyson Chimphonda, wochokera ku Dowa, amene anali ndi kashedi m'mbali mwa msewu wa ku Ekwendeni. Nthawi imeneyo madilowa ankayenda osamveka. Koma Mzuzu ndi Mzuzu. Mvula ikayamba imaiwala kuleka, ndipo ikaleka imasiya mawawa ndi nkhungu kuti zipitirize ntchito. Pofika Epulo, machesi ankakana kuyaka, mchere unkalira m'botolo, ndipo dilowa lam'mwamba linangoti gwa, tsiku lenileni limene abusa anabwera kudzadya.

A Chiumia anakoka. Mayi a m'nyumba, a Nyalongwe, anakoka. Winifred anagwira sayidibodi kuti isatsatire, bambo ake n'kukokanso mpaka mbale za m'kati zinalira. Mapeto ake abusa anadya nsomba ya batala ya ku nyanja ndi manja, akunyambita zala mosangalala, pamene mwini nyumba anali atatupa ngati finye.

"Chikomekome cha mkuyu!" anatero a Chiumia abusa atangopita. "Muitaneni mnyamata wa ku Dowa uja."

Fyson anabwera Loweruka masana pa njinga, bokosi la zida litamangidwa pakaliyala. Anali wamtali, wamanyazi, pensulo ili kukhutu, utuchi uli m'tsitsi. Anati "Monire mose" m'Chitumbuka chopunduka chimene chinachititsa a Nyalongwe kubisa nkhope m'chitenje, kenaka anagwada patsogolo pa sayidibodi. Sanalimbane nalo dilowalo. Analigwedeza pang'onopang'ono, uku akuligogoda ndi chikhatho m'mbali, mpaka linatuluka lonse.

"Ulipale chomene," anatero a Chiumia. "Chotsa thabwa lambiri, lisadzayambirenso."

"Pepani bambo, ndikalipala kwambiri mudzandida m'chilimwe," anayankha Fyson. "Thabwa lamwa chinyontho, latupa. Dzuwa likabwera lidzaphwa lokha. Ndikachotsa lambiri lero, mu Okutobala lizidzangoti khwekhwerekhwe."

Winifred anali ataima pakhomo la kukhitchini ndi thireyi ya tiyi. Fyson anatembenuzira dilowa kuwindo, ndipo poti munthu amene anali pafupi anali iye, anaonetsa iye.

"Mwaona pamene pakunyezimirapa, aphunzitsi? Ndi pamene likukhula. Thabwa limanena lokha pamene pakupweteka."

Anadutsitsa puleni mopepuka pa malo onyezimirawo, timapalo topyapyala tikupotana n'kugwera pansi. Kenaka anamuonetsa ngalande yosemedwa m'mbali zonse ziwiri za dilowa, ndi timitanda tiwiri ta m'kati mwa sayidibodi, tomangidwa ndi masikuluwu kutsogolo ndi kumbuyo, timene ngalandezo zimayendapo. Timitandato ankatitcha njanji. Anapempha kachidutswa ka kandulo, n'kukhula m'ngalande ndi pa njanji. Atalibwezera, analikankha ndi chala chimodzi, ndipo linalowa ndi kamphepo koti fuu.

Kamphepo kameneko kanamuwomba Winifred kumene sankayembekezera. Tiyi anathira bwinobwino, sanataye ngakhale dontho, koma atabwerera kukhitchini anapeza kuti akuseka yekha, osadziwa chomuseketsa. Mnyamatayo anamwa makapu awiri, anati "Zikomo aphunzitsi," n'kukwera njinga yake. Basi. Mawu onse amene anamuyankhula anali a matabwa, koma Lolemba ana a Sitandade 5 anadabwa kuona masamu onse ali a kalipentala wogula misomali.

Tsono vuto linali apa. Mwana wa mkulu wa mpingo, mphunzitsi wa boma, wovala siketi yofika kumisongolo, sangangodzuka n'kukaima pa shedi ya kalipentala. Ku Luwinga mipanda ili ndi maso. Asanafike n'komwe, nkhani ikanakhala itafika kale ku Umanyano, kumene amayi a mpingo amakumana. Fyson nayenso sakanabwera popanda choitanira. Ndipo dilowa lija, lopanda chisoni, linkayenda bwino kwabasi. Winifred ankalitsegula n'kulitseka podutsa, akumva fuu, fuu, mpaka analida.

Lachisanu lina masana, mayi ake atapita ku Umanyano ndipo bambo ake ali kutchalitchi, satana wamng'ono anamunong'oneza. Anatulutsa dilowa lonse monga anaonera, n'kuliika pa mpando. Anasuzumira m'kati. Njanji ya kumanzere, sikuluwu ya kumbuyo, inali pomwepo ikumuyang'ana. Sikuludalaiva m'nyumbamo munalibe. Chimene chinali pafupi ndi dzanja chinali mpeni wa ku Bulawayo.

Analowetsa nsonga ya mpeni m'kamng'alu ka sikuluwu n'kupotoza. Inali yolimba zedi. Mpeni unaterereka, unamukanda pa chala chachikulu, koma iye anangoyamwa magaziwo n'kuyambiranso mpaka sikuluwu inagonja. Anaimasula pang'ono chabe, kuti mutu wake utuluke pamwamba pa njanji. Atabwezera dilowa, linayenda bwino mpaka chakumapeto, kenaka ngalande inakumana ndi mutu wa sikuluwu, n'kuima ndi kukamwa kotsegula. Winifred anavina yekha pabalaza, manja ali m'mwamba, ngati wapambana mayeso.

"Layambiranso!" anakuwa a Chiumia madzulo ake.

"Ayi, Ada, zoona?" anatero Winifred ndi nkhope ya pa maliro. "Ndiye titani? Timuitanenso?"

Fyson anabwera. Anatulutsa dilowa, analowetsa mutu m'sayidibodi, ndipo anakhalitsamo ndithu. Atatuluka anayang'ana kansalu kamene Winifred anamanga pa chala, n'kuyang'ana kudenga.

"Sikuluwu yamasuka, bambo. Zimachitika."

Anaimanga, anamwa tiyi, ndipo ulendo uno panali zitumbuwa. Anafunsa Winifred ngati ana a sukulu amavuta. Winifred anayankha kuti amavuta chomene, ndipo onse awiri anaseka ngati pali choseketsa, mpaka a Chiumia anatsitsa nyuzipepala n'kuwayang'ana pamwamba pa magalasi.

Pakadafunda padajiwitsa galu. Lachisanu lotsatira Winifred anabwereranso ku sikuluwu yake, ndipo anadabwa kuti inapotoka mosavuta, osafuna n'komwe mphamvu. Anaganiza kuti dzanja lake lazolowera. Kuyambira pamenepo dilowa linkadwala Lachisanu, kuchira Loweruka, n'kukhala bwino mpaka Lachinayi. Zitumbuwa zinasanduka masikono, masikono anasanduka keke ya nthochi. Fyson anayamba kubwera atapesa, utuchi atausasa. Winifred ankayenda ngati pansi pali masipuling'i. Pa geti la msika, anyamata a chipani atamufunsa khadi la chipani, anawapatsa moni wansangala mpaka iwo anayang'anana, poti sanazolowere kukondedwa.

A Nyalongwe nawo anayesa kuthandiza. Tsiku lina anathira mafuta ophikira m'ngalande za dilowa, n'kunena kuti chilichonse cholira chimafuna mafuta. Fyson anathera theka la Loweruka akupukuta ndi kupala, akufotokoza mwaulemu kuti mafuta amalowa m'thabwa n'kugwira fumbi, mapeto ake dilowa limamata kuposa kale. Winifred anawayamikira mayi ake mumtima, chifukwa tsiku limenelo mlendo anamwa makapu atatu.

Koma bowo la sikuluwu si mtima wa munthu kuti lingapirire mpaka kalekale. Kumasula ndi kumanga, kumasula ndi kumanga, bowolo linalekera. Lachisanu lina Winifred atangoikhudza, sikuluwu inazungulira pachabe n'kugwera m'dzanja lake. Anayesa kuibwezera, koma sinagwire. Njanji inatsala italendewera pa sikuluwu ya kutsogolo yokha, mchira wake utagwa. Atalowetsa dilowa, ngodya ya kumbuyo kumanzere inatsika, nkhope ya dilowa inapendekeka, ndipo pansi pake panakanda dilowa lachiwiri. Tsopano linadwaladi, ndipo aliyense wolowa pabalaza ankaona sayidibodi ya a Chiumia itapotoza pakamwa.

Madzulo amenewo a Chiumia sanakuwe. Anaima patsogolo pake manja ali kumbuyo, n'kuyankhula motsitsa, ndipo Winifred ankadziwa kuti mawu otsitsa a bambo ake ndiwo oopsa.

"Nyalongwe, ine ndatopa. Mnyamata uyu ndi mmisiri wa pakamwa. Mawa abwere komaliza, ndipo ndikhala pompano kumuyang'ana. Likachira, lachira, ntchito yake pano yatha. Likadwalanso, sayidibodi ibwerera kwa mwini wake pa ngolo, masana, anthu akuona. Mulimonse, tiyi wa Loweruka watha."

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, ndipo Winifred anali atakondwa milungu yonseyi. Dilowa likachira, Fyson sabweranso. Likapanda kuchira, sabweranso, ndipo dzina lake lidzakokedwa pa ngolo kudutsa Luwinga yense chifukwa cha dzanja la iye Winifred. Anafuna kulira, koma chodabwitsa n'chakuti chimene chinkakwera kukhosi chinali chiseko, chiseko cha mantha chija chimene chimagwira munthu m'tchalitchi. Anathawira kukhitchini n'kudziluma pa mkono.

Loweruka kunacha ndi nkhungu. Fyson anafika ndi bokosi lake, ndipo anapeza mpando waukulu utakokeredwa pafupi ndi sayidibodi, a Chiumia ali pamenepo atavala tayi. Anapereka moni, anayankhidwa "Yewo" wouma, ndipo anamvetsa kuti lero kulibe keke. Winifred anaima pakhomo la kukhitchini ndi thireyi imene panalibe amene anaiitanitsa.

"Lero undiuze chilichonse chimene ukuchita," anatero a Chiumia. "Ndikufuna ndidziwe pamene pakubisala bodza."

"Chabwino, bambo."

Anayamba ndi sayidibodi yeniyeniyo. Anaigwedeza kuti aone ngati miyendo yonse yaponda pansi, chifukwa, anatero, sayidibodi yotsimphina imapotoka, ndipo ikapotoka madilowa amakana ngakhale alibe mlandu. Inali itaponda bwino. Kenaka ananyamulira dilowa m'mwamba pang'ono kuti lisakande la m'munsi, n'kulitulutsa. Mipeni ndi mafoloko anaziika pa tebulo ndi kansalu kake komwe, osafunyulula. Anaika sikweya, chida choyezera ngodya, m'ngodya za dilowa. Anatenga kamtengo kowongoka, anayeza kuchokera ngodya ina kufika ngodya yopingasana nayo, n'kulemba ndi pensulo, kenaka anayeza ngodya ziwiri zinazo. Chizindikiro chinagwera pomwepo.

"Miyeso iwiriyi ikafanana, ndiye kuti dilowa silinapotoke. Ili lilibe mlandu, bambo."

"Nanga wamlandu ndani?"

Fyson sanatembenukire kwa Winifred.

"Njanji iyi. Yagwa kumbuyo. Bowo la sikuluwu lakula."

Anamasula njanji yonse, anaiyang'ana ndi diso limodzi m'litali mwake kuti aone ngati yapindika kapena yadyeka. Inali yowongoka. Anasema kachikhomo ka thabwa, anakapaka guluu, anakakhomera m'bowo lolekera lija, n'kukadula kuti kafanane ndi khoma la sayidibodi. Sikuluwu yatsopano, anatero, aiika chapambali pang'ono pa thabwa lamoyo, kuti asadikire guluu kuuma.

Kenaka anayeza njanji ya kumanja, imene sinasunthepo chipangireni, kuchokera pansi pa m'kati mwa sayidibodi, kutsogolo ndi kumbuyo. Anadula kathabwa kofanana ndendende ndi mtunda umenewo, atatulutsa dilowa lachiwiri kuti apeze malo. Anakaimika kumanzere n'kukhazikapo njanji.

"Maso amanama, bambo, makamaka m'kati muno muli mdima. Kathabwa aka sikanama. Njanji ikakhala pa iko kutsogolo, n'kukhalanso pa iko kumbuyo, ndiye kuti yafanana ndi inzake. Imodzi ikatsika ngakhale pang'ono, dilowa limayenda chammbali ngati nkhanu."

Anamanga sikuluwu ya kutsogolo koyamba, osailimbitsa. Anasunthira kathabwa kumbuyo, anaboola njanji ndi khoma kabowo kotsogolera kuti thabwa lisang'aluke, anakulitsa kukamwa kwa bowo la pa njanji kuti mutu wa sikuluwu umire, n'kumanga. Anayesa dilowa. Analowetsa kachikatoni ka bokosi la machesi m'mpata wa pamwamba pa nkhope ya dilowa, n'kukayendetsa kuchokera kumanzere kufika kumanja. Kanayenda mofanana. Apo m'pamene analitulutsanso, anawonjezera sikuluwu yachitatu pakati, n'kulimbitsa zonse ndi manja awiri mpaka mitsempha inaoneka pa mkono. Winifred anaona kulimbitsa kumeneko ndipo mtima wake unagwa. Sikuluwu zimenezo panalibe mpeni pa dziko lapansi wozimasula.

Kandulo, ngalande, njanji. Anabwezera mipeni m'malo mwake. Chala chimodzi. Fuu.

A Chiumia anadzuka, analitsegula, analitseka, analitsegulanso ndi kachala kakang'ono. Anagwedeza mutu, ndipo zinkaoneka kuti kuchira kwa dilowa kwawakwiyitsa kuposa kudwala kwake.

"Ntchito ukuidziwa. Nanga milungu yonseyi unali kuti? Sikuluwu imamasuka yokha Lachisanu lililonse ngati ili ndi kalendala? Ndionetse yakaleyo."

Fyson anali ataiponya kale m'thumba la ovolosi. Anazengereza.

"Yatha ntchito, bambo."

"Ndati ndionetse."

Anaitulutsa ataipanira pakati pa zala, mutu wake utabisika. Winifred ankadziwa chimene chinali pa mutupo: kamng'alu kotafunidwa, kokandikakandika, kamene sikuludalaiva ya mmisiri singakasiye choncho.

"Mlandu ndi wanga, bambo," anatero Fyson. "Sindinkaimanga molimba."

"Mwadala, kapena posadziwa?"

Kunja mawawa ankagwa pa malata. Fyson anayang'ana sikweya yake, imene ankaipukuta nthawi zonse asanaibwezere m'bokosi.

"Posadziwa, bambo."

"Ndiye ndiwe mmisiri wa mwayi. Lero wangogwera. Longedza zida zako. Aliyense wondifunsa za iwe ndidzamuuza zimene wanena ndi pakamwa pako."

Fyson anagwada n'kuyamba kulongedza. Winifred anamva chisoni chimene sanamvepo chibadwire. Munthu uyu, amene ankamva kupweteka kwa thabwa, anali atadzitcha mbuli pamaso pa bambo ake kuti iye asachite manyazi. Koma pansi pa chisonicho panali chimwemwe chopenga, chifukwa munthu sadzitcha mbuli chifukwa cha zitumbuwa. Zinthu ziwirizi zinawombana m'chifuwa mwake, ndipo miyendo inanyamuka yokha.

Anaika thireyi pa tebulo. Anapita pa sayidibodi, anakoka dilowa ndi chala chimodzi, anafunyulula kansalu, n'kusolola mpeni umene ankaubisa pansi pa inzake. Anagwada pamaso pa bambo ake n'kuwapatsa ndi manja awiri.

Nsonga yake inali itapotoka ngati khutu la galu.

A Chiumia anauyang'ana. Anavula magalasi, anawapukuta ndi tayi, anawavalanso.

"Mpeni wa ku Bulawayo," anatero ndi mawu a munthu amene walandira uthenga wa maliro. "Winifred. Mpeni wa ku Bulawayo! Wapangidwa ku Mangalande uwu! Unadutsa malire awiri osakandika!"

"Ndine ndinkamasula, Ada."

"Chifukwa?"

Winifred anatsegula pakamwa kuti ayankhe mwaulemu monga mwana wophunzira. Chimene chinatuluka chinali chiseko chija. Anayesa kuchitseka ndi manja, chinatulukira m'mphuno. Misozi inatsika, mapewa akugwedezeka, iye ali chigwadire. Ndipo kukhitchini kunamveka phokoso ngati la munthu wotsamwa, kenaka a Nyalongwe anatulukira atagwira chitseko kuti asagwe.

"Nyalongwe! Nawenso ukudziwapo?"

"A wisi Winifred, mipeni amatsuka ndani m'nyumba muno?" anatero a Nyalongwe kwa amuna awo akupukuta misozi. "Mukuganiza kuti mafuta aja ndinathira chifukwa cha uchitsiru? Ndinkafuna mwana akhalitseko pang'ono!"

A Chiumia anakhala pansi mwamphamvu. Anayang'ana mkazi wawo, anayang'ana mwana wawo, kenaka anatembenukira kwa munthu yekhayo amene sankaseka. Fyson anali chigwadire pafupi ndi bokosi lake, makutu akutuluka thukuta m'nyengo yozizira.

"Iwe. Unkadziwa?"

"Ndinkadziwa, bambo. Kuyambira Loweruka lachiwiri. Sikuluwu inali ndi zipsera za mpeni."

"Ndiye wandinamiza m'nyumba mwanga. Wati sunkaimanga molimba."

"Pamenepo sindinaname, bambo. Ndinaname poti posadziwa." Anayang'ana pansi, ndipo mawu ake anachepa. "Tsiku loyamba lija ndinaisiya yolimba monga imafunikira. Nditabweranso ndinaona aphunzitsi atamanga chala. Ndiye kuyambira pamenepo ndinkangoigwiritsa pang'ono, kuti mpeni usadzatererekenso n'kuwacheka."

Chiseko cha Winifred chinaduka pomwepo. Anayang'ana kachipsera ka pa chala chake chachikulu, n'kukumbukira mmene sikuluwu inkapotokera mosavuta Lachisanu lililonse, iye n'kumadzitama kuti dzanja lazolowera. Nthawi yonseyi ankayesa kuti akuba yekha, pamene wina ankamusiyira chitseko chosakhoma. Misozi imene inatsika tsopano inali ina, ndipo sanaibise.

A Chiumia anatembenuza mpeni m'manja. Anatsokomola. Anayang'ana satifiketi ya pakhoma ngati akuifunsa kuti inali kuti pamene zonsezi zinkachitika.

"Chimphonda."

"Bambo."

"Kwanu ku Dowa kuli akuluakulu?"

"Alipo, bambo. Amalume."

"Kwanu mumati ankhoswe, kuno timati thenga. Munthu wofuna mwana wa eni ake amatuma thenga, alowere pakhomo masana ndi kuti odi. Salowera m'dilowa. Wamva?"

"Ndamva, bambo. Yewo. Yewo chomene!" Anabwereza mawuwo kangapo, akuwomba m'manja, mpaka pensulo inagwa kukhutu n'kugubuduka kulowa pansi pa sayidibodi. Winifred anaithamangira, Fyson nayenso, ndipo mitu yawo inagundana kuti gu pansi pa satifiketi.

"Thirani tiyi, wazizira kale," anatero a Chiumia. Anadzuka, anagoneka mpeni wopotoka uja pamwamba pa inzake, n'kukankha dilowa ndi chala chimodzi. Linalowa ndi kamphepo kake. Anaima pomwepo kanthawi, kenaka anaitana osatembenuka.

"Nyalongwe, amalume a Chimphondawo uwalembere msanga. Ndipo mpaka thenga atafika, mipeni yotsalayi uzigona nayo kuchipinda. Mwana uyu ndamuona akuyang'ana mahinjesi a chitseko."